Imelo yofunsira ntchito inene zimene sivi yanu sinanene

 Nkhani yanga ndi ya kalata yaifupi imene mumalemba pa imelo potumiza sivi, chikalata chija chofotokoza mbiri ya maphunziro ndi ntchito zanu. Ambiri polemba kalatayi amangokopera zimene zili kale mu sivi. Akatero, wolemba ntchito amawerenga zinthu zomwezo kawiri, ndipo mafunso amene ali nawo mumtima sayankhidwa. Sivi imaonetsa kumene munagwira ntchito ndi zaka zake. Imelo ndiyo iyenera kufotokoza chifukwa chake inuyo mukuyenera ntchito imeneyi, panyumba imeneyi kapena pafamu imeneyi.

Kuti mfundoyi imveke, tiyeni tiyerekeze mayi wina wochokera ku Dedza amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku South Africa. Sivi yake ikuti anamaliza Fomu 2, anagwira ntchito ku Lilongwe kuyambira 2014 mpaka 2018, ku Randburg kuyambira 2019 mpaka 2022, ndipo kuyambira 2024 akugwira ku Centurion masiku atatu pasabata. Pa chaka cha 2023 sipanalembedwe kanthu. Tsopano waona chilengezo cha banja lina la ku Pretoria. Banjalo likufuna munthu wogonera konko kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, wosamalira agogo aakazi odwala matenda a shuga, ndipo ntchito iyamba pa 1 Malichi. Iye alemba m'Chingerezi, popeza yankho limatsata chilankhulo cha chilengezo, koma pano ndiwerenga zonse m'Chichewa. Kalata yake yoyamba inali yotere:

"Okondedwa Bwana kapena Dona, ndikupempha ntchito. Ndine mayi wa zaka 38 wochokera ku Malawi. Ndinamaliza Fomu 2. Ndinagwira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe kuyambira 2014 mpaka 2018. Kenaka ndinagwira ku Randburg kuyambira 2019 mpaka 2022, ndipo pano ndikugwira ku Centurion. Ndimadziwa kuphika, kuchapa, kusita ndi kulera ana. Ndine wolimbikira ntchito, wokhulupirika ndi woopa Mulungu. Chonde ndithandizeni, ndilandira malipiro alionse."

Kalatayi ilibe bodza ndipo ndi yaulemu. Komabe tiyeni tiiyese m'njira imene inunso mungayesere yanu. Koperani imelo yanu papepala, ikani sivi pambali pake, ndipo werengani chiganizo chimodzichimodzi. Chiganizo chilichonse chimene nkhani yake ikupezeka mu sivi, chikhwatcheni ndi cholembera. M'kalata ya mayiyu muli ziganizo zisanu ndi zitatu. Zisanu zikukhwatchidwa, kuyambira cha zaka zake mpaka cha kuphika ndi kuchapa, chifukwa zonsezo zili mu sivi.

Zitatu zotsalazo nazonso zili ndi vuto. Choyamba chikupempha ntchito osatchula kuti ndi ntchito iti, kotero wowerenga aona kuti kalata yomweyi yatumizidwa kumakomo ambiri. Chachiwiri chikuti iye ndi wolimbikira ndi wokhulupirika, mawu amene aliyense wofunsira ntchito amalemba, ndipo alibe umboni. Chachitatu ndicho choopsa, chifukwa chikuuza bwana kuti akhoza kupereka ndalama iliyonse. Ku South Africa, kuyambira mwezi wa Malichi 2022, malipiro ochepetsetsa amene lamulo limalola kwa antchito a m'nyumba anafanana ndi a antchito ena, ndipo a m'mafamu anafikapo chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Palibe chifukwa chodzitsitsira mtengo musanakumane ndi bwanayo.

Nanga tikakhwatcha zonsezi tilembe chiyani? Yankho lili m'chilengezo. Chiwerengeninso ngati kuti inu ndinu mwana wa agogo aja. Munthu ameneyu ali kale ndi sivi m'manja, koma mafunso anayi akumuvutitsabe. Kodi munthuyu anasamalirapo wodwala shuga? Nanga mu 2023 anali kuti? Kodi avomera kugonera kuno, ndipo ayamba pa tsiku limene tikufuna? Ndani angamuchitire umboni? Sivi ya mayi uja siyankha bwino ngakhale limodzi mwa mafunsowa. Ntchito ya imelo ndi imeneyo.

Tikamufunsa mayiyu za 2023, tikupeza kuti anabwerera ku Dedza kukadwazika mayi ake, amene ali ndi matenda a shuga. Iye sanalembe izi mu sivi poti sinali ntchito yolipidwa, ndipo amaona chakacho ngati chochititsa manyazi. Chikhalirecho, pa ntchito imene akufunayi, chaka chimenecho ndicho chomuyenereza kuposa zina zonse. Imvani tsono kalata yokonzedwa:

"Okondedwa Amayi, ndikufunsira ntchito yosamalira mayi anu ku Pretoria, imene munalengeza sabata ino. Ndagwira ntchito ya m'nyumba zaka zoposa khumi, ndipo sivi yanga ndaiphatika pa imelo ino.

"Mu sivi muona kuti m'chaka cha 2023 sindinali pantchito. Ndinali kwathu ku Malawi miyezi khumi ndi umodzi, kudwazika mayi anga amene ali ndi matenda a shuga. M'mawa uliwonse ndinkawayeza shuga ndi kamakina koyezera ndi kulemba zotsatira m'kope limene tinkapita nalo kuchipatala. Ndinkawapatsa mapiritsi pa nthawi imene adokotala ananena, ndi kuwaphikira chakudya chimene anamwino anatilangiza. Sindine namwino ndipo jekeseni sindinabayepo munthu, koma ndine wokonzeka kuphunzitsidwa.

"Ndikhoza kugonera kwanu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndi kuyamba pa 1 Malichi, popeza ntchito ya ku Centurion ndimaliza kumapeto kwa Febuluwale. Abwana anga a kumeneko avomera kuti muwaimbire foni, ndipo nambala yawo ili mu sivi. Ine mukhoza kundipeza pa foni madzulo alionse ikakwana 5 koloko."

Pansi pake asaina dzina lake lonse ndi nambala ya foni. Tikaiyesanso kalata iyi ndi cholembera chija, malo amodzi okha ndiwo akubwereza sivi, pamene akutchula zaka zimene wagwira ntchito. Kubwereza kumeneku n'kololedwa. Anthu ambiri amawerenga imelo pa foni, ndipo amayamba aona mawu a mu imelo asanaganize zotsegula sivi. Mzere umodzi wosonyeza kukula kwa luso lanu umawakopa kuti atsegule. Mizere isanu imawauza kuti palibenso chatsopano m'kati.

Onaninso kuti mawu akuti "wokhulupirika" achoka, koma kukhulupirika kwake kukuoneka bwino kuposa kale. Kope la zotsatira, mapiritsi a pa nthawi yake ndi abwana ovomera kuimbiridwa foni ndi zinthu zimene munthu angathe kufunsa ndi kutsimikiza. Chiganizo chakuti si namwino chikumuteteza iye mwini. Akanadzionetsa ngati wodziwa zonse, akanapatsidwa udindo wa mankhwala umene sanauphunzire, ndipo tsiku lina zinthu zitalakwika mlandu ukanagwera iye.

Inu a m'mafamu, njira yake ndi yomweyi. Sivi yanu nthawi zambiri imangoti munali wantchito wamba pafamu yakutiyakuti kwa nyengo zinayi. Mawu amenewo amabisa zambiri. Tinene kuti malo olongedzera malalanje ku Limpopo akufuna munthu wosankha zipatso palamba. Musabwereze mayina a mafamu. Nenani kuti pa nyengo zinayizo, ziwiri munali palamba, kuti mumadziwa kusiyanitsa zipatso zopita kunja ndi zogulitsa momwemo, kuti munagwirapo shifiti ya usiku, ndiponso kuti mudzakhalapo mpaka nyengo yokolola itatha. Manijala amene akuopa kuti anthu amuthawira pakati pa nyengo amafuna kumva zimenezo.

Komatu si chilichonse chosowa mu sivi chimene chiyenera kulowa mu imelo. Ena akamva kuti awonjezere, amalemba za ana ofuna fizi, za lendi ndi za ngongole. Mavutowo ndi enieni, koma sayankha funso lililonse la m'chilengezo, ndipo bwana wankhanza akawawerenga amadziwa kuti munthuyo sadzakana chilichonse. Ena amaulula za m'nyumba imene anagwiramo kale: matenda a abwana, mikangano ya m'banja, malipiro ochedwa. Wowerengayo amaganiza kuti mawa mudzanenanso za m'nyumba mwake. Muyeso wake ndi uwu: chimene mukuwonjezera chiziyankha chinthu chimene chilengezo chafunsa, kapena chizifotokoza malo amene sivi ikudabwitsa.

Za mapepala okhalira m'dziko, ngati chilengezo chafunsa ndipo muli ndi chilolezo chogwirira ntchito chimene sichinathe, chiganizo chimodzi n'chokwanira: mtundu wa chilolezocho ndi mwezi umene chidzathe. Musalembe zimene si zoona, pakuti imelo imasungika. Chithunzi cha pasipoti ndi nambala ya akaunti ya kubanki musatumize pa imelo yoyamba kwa munthu amene simunamuone. Akakuyankhani kuti muyambe mwalipira ndalama kuti akupezereni ntchitoyo, chenjerani, chifukwa lamulo la ku South Africa la m'chaka cha 2014 loyendetsa zopezera anthu ntchito limaletsa kulipiritsa wofuna ntchito kuti amupezere malo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho musanatumize, yang'anani zinthu zitatu. M'kabokosi kolembedwa kuti `Subject` muikemo dzina la ntchito monga lalembedwera m'chilengezo, kenaka dzina lanu, chifukwa imelo yopanda mutu imaoneka ngati ya akuba. Sivi ikhale ya mtundu wa `PDF` ndipo itchedwe ndi dzina lanu, osati manambala amene foni imapereka yokha. Pomaliza, dzitumizireni nokha imeloyo, muitsegule pa foni, muone ngati sivi yaphatikikadi ndiponso ngati kalata yonse ikuwerengeka osatsitsa kangapo. Ikatalika kuposa pamenepo, tenganinso cholembera, mupeza kuti zina mwa za mu sivi zabwereramo.

Chilengezo chatsopano chimafuna imelo yatsopano, ngakhale sivi ikhale yomweyo. Mayi wa ku Dedza uja akadzafunsira ntchito yolera ana, nkhani ya 2023 idzangotenga mzere umodzi, ndipo malo aakulu adzapita kwa ana amene analera ku Randburg: anali a zaka zingati, ankawaperekeza bwanji kusukulu, ndipo ankatani mwana akatentha thupi makolo kulibe.