Maŵanga a pa Mwendo ndi Anabele a m'Khosi: Mau a Namwino kwa Amai a ku Nkhudzi

Ndifuna kukamba za matenda aŵiri a khansa amene amakonda kugwira anthu okhala ndi kachirombo ka HIV. Onse aŵiri amadzibisa m'maonekedwe a matenda ena, ndipo nchifukwa chake odwala amafika kwa ife mochedwa.

Ndiyambe ndi bambo wina, msodzi wa kunyanja konkuno, amene ndidamsamalapo. Iye adaleka kumwa ma ARV miyezi ingapo atapita ndi bwato kukasaka usipa kutali. Tsono pa mwendo pake padatuluka maŵanga atatu akuda mofiirira, onga khungu la biringanya. Sankayabwa, sankapweteka, ndipo ukaŵadinikiza ndi chala mtundu wake sunkasintha. Pambuyo pake mwendo udatupa nuuma gwa ngati chipika. Achibale adati waponda mankhwala, namutema mphini. Mphinizo zidangosanduka zilonda.

Nthendayi dzina lake ndi Kaposi, potsata dotolo wa ku Viyena amene adailongosola m'chaka cha 1872. Idalipo kuno kale Edzi isanapezeke m'Malaŵi mu 1985, koma inkagwira makamaka miyendo ya amuna achikulire, ndipo inkayenda pang'onopang'ono. Imayamba ndi kachirombo kena, osati HIV, kamene ambiri tili nako mosadziŵa. Thupi lamphamvu limakagonjetsa, koma HIV ikafooketsa chitetezo, kachiromboko kamadzuka.

Bambo uja tidamuuza kuti ayasamule, ndipo kumwamba kwa m'kamwa tidapezamo banga lina. Muzikumbukira kuyang'ana m'kamwa, amai, pakuti maŵanga akachuluka m'menemo kaŵirikaŵiri nthenda yaloŵanso m'kati, m'matumbo kapena m'mapapo. Ikafika m'mapapo munthu amatsokomola magazi ndi kubanika, ndipo aliyense amangoti ndi chifuwa chachikulu.

Dotolo wozoloŵera amaizindikira ndi maso, koma chotsimikiza ndi kudula kanyama. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, nachotsa kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga, nakatumiza ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti akakaone ndi makina okuza zinthu. Ena amaopa kuti khansa ikadulidwa imafalikira. Si zoona ai.

Maŵanga akakhala ochepa, a pakhungu pokha, ma ARV okha angathe kuŵafafaniza pa miyezi ingapo. Komatu mumve ichi: m'miyezi itatu yoyamba, kwa ena maŵanga amayamba akula kapena kuchuluka, chifukwa chitetezo chikudzuka ndipo chayamba kulimbana ndi nthendayo. Apa ndi pamene anthu amataya mankhwala, amvekere andiwonjezera matenda. Musataye, bwererani kuchipatala msanga. Msodzi wathu, popeza mwendo udatupa ndipo m'kamwa mudagwidwa, adafunikanso mankhwala a m'diripi otchedwa pakilitakiso, amene tsopano aposa akale aja a vinikirisitini ndi buliyomaisini. Tsitsi lidathothoka, mapazi adachita dzanzi, ndipo ulendo uliwonse ankayamba amuyeza magazi, pakuti mankhwalaŵa amachepetsa magazi. Maŵanga adafota nasiya zipsera zakuda, koma mwendo sudaphwe wonse. Ndi mmene imachitira nthendayi: imagona, ndipo munthu akalekanso ma ARV ingathe kudzuka.

Khansa yachiŵiri ndi ya anabele, imene madotolo amati limfoma. Munthu amatupa anabele m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, olimba koma osapweteka, okula msanga. Amatentha thupi, amatuluka thukuta usiku mpaka chofunda kunyowa, ndipo amaonda. Zonsezi ndi zizindikironso za chifuwa chachikulu, ndipo kuno kwathu chifuwacho ndicho chofala, kotero sitingadabwe wodwala akayamba wapatsidwa mankhwala a chifuwa. Chimene ndikupemphani ndi ichi: akamwa mankhwalawo mokhulupirika mwezi wathunthu kapena iŵiri, anabele osaphwa koma kumangokula, musadikire kuti miyezi isanu ndi umodzi ithe. Pitani naye ku Monkey Bay kapena ku chipatala cha boma ku Mangochi, mukafunse mwaulemu ngati sangamdule kanyama ndi kumtumiza ku chipatala chachikulu.

Limfoma ndi yaukali kuposa Kaposi, ndipo ma ARV okha sangaithe. Koma ambiri amachiriratu. Amalandira mankhwala anai pamodzi, masabata atatu alionse, kaŵirikaŵiri kasanu ndi kamodzi, uku akumwabe ma ARV. Chovuta kwa ife a kunyanja ndi ndalama za ulendo, pakuti wodwala akaona kuti zotupa zaphwa pa ulendo wachiŵiri amaganiza kuti wachira, naleka njira. Inu amene mumayendera odwala m'midzi, muzilemba tsiku lake lobwerera kuchipatala. Ndipo akatentha thupi patapita sabata kapena masabata aŵiri chilandirire diripi, imeneyo ndi ngozi, chifukwa ndi nthaŵi imene asilikali a m'magazi atsika kwambiri. Musampatse panado ndi kudikira kuche. Muthamange naye tsiku lomwelo, mutatenga buku lake la kuchipatala.