Mawu ndi Nkhope pa Foni Sizilinso Umboni Woti Ndi M'bale

Kukopera mawu a munthu ndi luso la makompyuta lomwe limatenga mawu ojambulidwa, kuphunzira kamvekedwe kake, kenako n'kuyankhula chilichonse m'mawu omwewo, ngakhale zinthu zomwe mwini wake sanazinenepo. Kompyutayo imatola kukula kwa liwu, liwiro la kayankhulidwe ndi mmene munthuyo amakokera mawu. Sipafunika mawu ambiri. Mu Januwale 2023 akatswiri a kampani ya Microsoft anaonetsa pulogalamu yotchedwa VALL-E, yomwe inkatsanzira munthu itangomumva kwa masekondi atatu okha. Lero mapulogalamu a mtunduwu ali mbwee pa intaneti, ena otchipa, ena aulere.

Akuba ogwiritsa ntchito lusoli savutika kupeza mawu oti akopere. Amawatola mu uthenga wamawu wa pa WhatsApp, m'mavidiyo a pa Facebook ndi TikTok, kapena kungomuimbira munthu ngati asokera nambala n'kumamujambula akuyankha.

Chinyengo cha pa foni sichachilendo kuno kwathu. Anthu ambiri analandirapo uthenga woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi," kapena foni ya munthu wodzitcha mphunzitsi yonena kuti mwana wakomoka kusukulu ndipo pakufunika ndalama yachipatala. Kale chinkawulula wakuba chinali liwu lake lachilendo. Luso latsopanoli lachotsa chotchinga chimenecho. Mu 2023 mayi wina wa ku Arizona m'dziko la Amereka anamva pa foni mwana wake wamkazi wa zaka 15 akulira kuti wagwidwa ndi zigawenga, zomwe zinayamba ndi kufuna madola 1 miliyoni. Mwanayo anali bwinobwino ndipo sanaimbe foni iliyonse. Kumayambiriro kwa 2024, wogwira ntchito ku kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza madola pafupifupi 25 miliyoni atakhala nawo pa msonkhano wa pa vidiyo, momwe nkhope ndi mawu a mabwana ake zinali zochita kupanga.

Boma la Karonga lili pa njira ya ngozi imeneyi chifukwa mabanja ambiri ali ndi wina amene ali kutali. Ena ali ku Joni, ena amawoloka pa Songwe kukapikula katundu ku Kyela, Mbeya ndi Dar es Salaam, ena ali pa sukulu ku Mzuzu. Munthu wa paulendo amasinthasintha simukhadi, choncho nambala yachilendo sidabwitsa aliyense pakhomo. Akuba amadziwanso nyengo yomwe m'nyumba muli ndalama, monga mpunga wa Kilombero ukangogulitsidwa ku Hara, Wovwe kapena Lufilya.

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene zimayendera. Mayi wa ku Kaporo ali ndi mwana wamwamuna ku Joni. Cha m'ma 9 koloko usiku foni ikulira pa WhatsApp, pa nambala yosadziwika koma chithunzi chili cha mwana wake. Akumva liwu lomwe analera yekha likunjenjemera: "Amama, ndamangidwa, thandizeni." Kumbuyo kukumveka phokoso. Asanafunse kanthu, foni yalandidwa ndi bambo wina wodzitcha wapolisi, yemwe akuti mnyamatayo wagwidwa wopanda mapepala ndipo pakufunika K400,000 ola lisanathe, apo ayi mawa apita kundende. Akutchula nambala ya Airtel Money ya "mnzake wa ku Malawi," n'kuchenjeza kuti mayiyo asadule foni ndipo asauze wina aliyense.

Mawu a mwana uja amveka kwa masekondi ochepa chabe, ndipo si mwangozi. Mawu ochita kupanga amavutika pa macheza aatali, makamaka m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, zinenero zomwe makompyuta sanaziphunzire mokwanira ngati Chingerezi. N'chifukwa chake wakuba amagwiritsa ntchito kulira, kubuula ndi mawu awiri atatu, kenako n'kuyankhula yekha. Mantha ndi amene amamaliza ntchito yotsala, pakuti kholo lomva mwana wake akulira silikhala ndi mpata wosinkhasinkha. Kuletsa kudula foni ndi kuletsa kuuza ena cholinga chake n'chimodzi, kuti pasapezeke munthu wa mtima wodekha wofunsa funso.

Pa vidiyo pali njira ziwiri. Yovuta ndi yoveka nkhope ya m'bale pa nkhope ya wakuba pamene akuyankhula. Yophweka, yomwe sifuna luso lililonse, ndi yoonetsa vidiyo yakale ya m'baleyo kwa masekondi asanu popanda mawu, kudula, kenako n'kulemba kuti "netiweki ikuvuta, tiyeni tizilemberana." Zizindikiro zilipo: milomo yosagwirizana ndi mawu, m'mbali mwa nkhope mochita chimbuuzi, nkhope yosokonekera munthuyo akatembenukira kumbali kapena akadutsitsa dzanja kumaso. Koma zizindikirozi n'zosadalirika. Kumadera komwe netiweki ndi yofooka ngakhale vidiyo yeniyeni imadukaduka, ndipo mapulogalamuwa akunka nakhwima chaka ndi chaka. Khutu ndi diso zikhoza kunamizidwa.

Chomwe wakuba sangakopere ndi zimene banja limadziwa lokha. Choyamba n'kudula foni, n'kuimbira m'baleyo pa nambala yake yakale yomwe inasungidwa m'foni. Ndi bwino kuimba foni wamba osati ya WhatsApp yokha, chifukwa akaunti ya WhatsApp imabedwa mwini wake akapusitsidwa kuti atchule manambala asanu ndi imodzi omwe amabwera pa uthenga. Ngati sakuyankha, aimbiridwe mnzake wogona naye nyumba imodzi, mkazi wake kapena m'bale wina wa kumpingo. Pa chifukwa chimenechi khomo lililonse lomwe lili ndi munthu kunja liyenera kusunga manambala a anthu awiri okhala naye pafupi, olembedwa m'kope.

Woimbayo akakakamira, afunsidwe funso lomwe yankho lake silipezeka pa intaneti. Dzina la mudzi kapena la mayi ake silithandiza, chifukwa zotere zili pa Facebook. Funso labwino ndi longa lakuti, "Ng'ombe yomwe tinagulitsa kuti upeze thiransipoti inali ya mtundu wanji?" Mwana weniweni amayankha mosaganiza n'komwe, ngakhale ali m'mavuto. Wakuba amakwiya, amalira mokweza kapena kudula foni. Mabanja ena amapangana liwu lachinsinsi munthu asananyamuke, pamaso ndi pamaso, ndipo liwulo sililembedwa pa foni.

Chitetezo chomaliza chili pa nthawi yotumiza ndalama. Munthu akamatumiza kudzera pa *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, ayang'anitsitse dzina la wolandira asanalembe nambala yake yachinsinsi, ndipo ngati akutumiza kudzera kwa ejenti amupemphe kuti awerenge dzinalo mokweza. Dzina lachilendo likhale chifukwa chokwanira choimira pomwepo. Belo yeniyeni salipira pa nambala ya foni ya munthu wamba usiku.

Ngati ndalama yapita kale, liwiro ndilo lofunika, popeza akuba amakaitapa kwa ejenti m'mphindi zochepa. Woberedwayo aimbire msanga kampani ya foniyo, atchule nambala yolandira, kuchuluka kwa ndalama, nthawi ndi nambala ya umboni yomwe ili mu uthenga wotsimikizira. Uthengawo asaufufute. Kenako akanene kupolisi yapafupi. Milandu yotere ili pansi pa lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, ndipo bungwe la MACRA limalandiranso madandaulo okhudza makampani a mafoni. Ngakhale kuti kuyambira 2018 simukhadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, akuba amagwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena, kotero si nthawi zonse pomwe ndalama imabwerera.

Manyazi amachititsa oberedwa ambiri kukhala chete, ndipo nambala yomweyo imakaberanso khomo lina. Woberedwa auze amfumu, gulu la banki m'khonde ndi akumpingo tsiku lomwelo, ndipo banja lililonse lomwe lili ndi mwana kutali lipangane naye funso lachinsinsi sabata ino isanathe.