Kuweta Njuci: Ndalama Zoyambira ndi Nthawi Yodikira Uci

Cilala ca 2024 cinapsereza cimanga m'minda, koma mitengo ya m'thengo monga mombo ndi mtondo inakhalabe, cifukwa mizu yake imapita pansi. Njuci zimadya maluwa a mitengo imeneyi. Ndico cifukwa tikukamba za ming'oma lero. Koma tinene poyera: uci si thandizo la njala ya caka cino. Ndalama zimayamba kutuluka, uci ubwera pambuyo.

Mng'oma umene tikunena ndi bokosi la matabwa lotalika pafupifupi mita imodzi, lotambalala pamwamba, lopanikiza pansi. Pamwamba timayalapo timitengo topala bwino, ndipo njuci zimamanga cisa cimodzi pa kamtengo kamodzi. Apa musamale kwambiri. Kamtengo kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi. Kalipentala akaphonya muyeso umenewu, njuci zidzamanga zisa mopingasa n'kumatiriza timitengo, ndipo pofula mudzaswa zisa ndi kupha ana a njuci. Mng'oma wa khungwa ndi wochipa, inde, koma poupanga mumapha mtengo umene njuci zikanadyako.

Tsopano za ndalama. Mitengo ya zinthu imasiyana malo ndi malo, ndiye awa ndi masamu a citsanzo cabe, inu muikemo mitengo ya kwanu. Tinene kuti banja lagula ming'oma 5, umodzi pa K500. Ndiye kuti K2,500 yatuluka. Waya wopacikira, cofukizira utsi, cophimba kumaso ndi zidebe ziwiri za zivundikiro, tinene K1,000. Zonse pamodzi K3,500. Ndalama iyi ingacepe ngati mabanja angapo a mu mpingo agula cofukizira ndi covala cimodzi n'kumabwerekana, popeza zimenezi sizigwira nchito tsiku lililonse. Cophimba kumaso mungasoke nokha pa cipewa, koma osati ndi neti ya udzudzu, cifukwa ili ndi mankhwala opha tizilombo.

Njuci sitigula, timazikopa. Pakani phula losungunula m'munsi mwa timitengo ndi pakhomo pa mng'oma, ndipo muupacike pamthunzi ndi waya, kutali ndi njira ya anthu ndi khola la ng'ombe. Nthawi yabwino ndi Julaye kapena kuciyambi kwa Ogasiti, cifukwa kuyambira pamenepo mpaka Okutobala njuci zimagawikana ndi kufuna malo atsopano. Wopacika mu Disembala angadikire miyezi yambiri mng'oma uli gwaa, mukugona abuluzi.

Njuci zikalowa, kudikira kweni-kweni ndiye kwayamba. Mu Novembala mudzaona anzanu a ming'oma yakale akufula, mtima udzati nanunso mutsegule. Musafule. Njuci zanu zikali kumanga zisa ndi kulera ana, ndipo kauci kamene zasunga ndi cakudya cao ca m'dzinja, pamene mvula imazitsekera m'nyumba. Mukazilanda zidzathawa, ndipo mudzayambanso pa ciyambi. Uci woyamba muuyembekezere mu Meyi kapena Juni, mtondo utatha maluwa, ndipo ukhala wocepa. Ming'oma ina idzakupatsani mu Novembala wa caka cotsatira. Conco kudikira ndi miyezi 9 kufikira 15.

Pa miyezi imeneyi nchito ilipo. Muziyendera ming'oma sabata iliyonse osatsegula. Mukaona njuci zikulowa ndi mungu wacikasu ku miyendo, dziwani kuti m'kati muli ana, zinthu zili bwino. Pakhomo pakakhala zii, yang'anani nyerere. Pakani girisi pa waya ndipo lambulani udzu pansi, ndiwo mlatho wa nyerere ndi njira ya moto wa lupsa. Mu Seputembala ndi Okutobala ikani beseni la madzi pafupi, muponyemo timitengo kuti njuci zisamire. M'caka couma njuci zambiri zimathawa cifukwa ca ludzu.

Tibwerere ku banja lija. Si ming'oma yonse imene imalowedwa caka coyamba. Tinene kuti njuci zalowa mu itatu, ndipo uliwonse wapatsa makilogalamu 8. Ndi makilogalamu 24. Pa K50 kilogalamu, apeza K1,200 pa K3,500 ija. Ndiye kuti ndalama yoyambira ingabwerere m'caka caciwiri kapena cacitatu. Cifukwa cace sitilangiza munthu kutenga kaloba kapena kugulitsa mbeu yobzala kuti agule ming'oma. Amene ali ndi zocepa ayambe ndi iwiri.

Pofula, tengani zisa zokha zimene njuci zamata ndi phula loyera. Uci wosamata uli ndi madzi, umacita thovu ndi kusasa m'cidebe, ndipo wogula adzaukana. Zisa za ana zisiyeni, pamodzi ndi uci wina. Sefani ndi nsalu yoyera, osauphika pamoto. Phula lotsala musataye: lina mugulitse, lina musunge lokopera njuci m'ming'oma iwiri ija imene ikali yopanda kanthu.