Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wolandira malipoti a ophunzira za uinjiniya

 

Ophunzira inu mwabwera lero ndi malipoti a zimene munachita pa atachimenti. Ndikufuna ndilankhule za lipotilo, chifukwa ambiri amalitenga ngati chikalata chongopezera malikisi. Amaiwala kuti lidzawatsata. Lamulo la mu 2019 linakhazikitsa bungwe la Malawi Engineering Institution, ndipo tsiku limene mudzafune kulembetsedwa ngati injiniya mudzafunsidwa ntchito zimene mwagwira ndi manja anu komanso ndi mutu wanu. Kuyankha funso limenelo mumayamba kuphunzira pa lipoti ili.

Malipoti ambiri amene amandifika amatha masamba oyamba akufotokoza mbiri ya kampani, mabwana ake ndi masomphenya ake. Zimenezo tsamba limodzi lakwana. Kampaniyo imadzidziwa kale. Akafika pa ntchito yeniyeni, wophunzira amangolemba kuti "ndinathandiza kukonza mota." Munathandiza bwanji? Munagwira sipanala, munayeza magetsi, kapena munaima pambali mutanyamula tochi? Zonsezi ndi ntchito, ndipo palibe chochititsa manyazi, koma wowerenga adziwe kuti inu munachita iti.

Ndikupatseni chitsanzo cha lipoti limene linandikhutiritsa. Analemba ndi mtsikana wina wa zamagetsi yemwe anatumizidwa ku fakitale ina imene sinditchula. Kumeneko kunali mota ya 15 kW yoyendetsa pampu ya madzi, ndipo inkangozima. Kachipangizo koiteteza, kamene amisiri amati ovalodi, kankatiripa pafupipafupi. Pofuna kuti ntchito isaime, anthu ankangokakweza kuti kasamatiripe msanga. Mota inapsa, anakaikulungitsa mawaya atsopano, nayambanso zomwezo.

Mtsikanayu anayamba ndi kuwerenga kachitsulo ka pa mota, pamene panalembedwa kuti iyenera kukoka maampeya 28 pa mavoloti 400. Kenako, supavaiza wake ali pomwepo, anayeza mafezi atatu aja ndi kilampu mita, napeza maampeya 24, 27 ndi 33. Mukaphatikiza n'kugawa patatu mupeza 28, ndiye munthu wongoona pamwamba angati zonse zili bwino. Koma fezi imodzi inkasenza katundu woposa inzake, ndipo mawaya a fezi imeneyo ndi amene ankatentha. Atayeza mavoloti anapeza 402, 398 ndi 385. Pakati pake ndi 395, ndipo yotsikitsitsayo yatalikira ndi 10, kutanthauza kusiyana kwa pafupifupi 2.5 peresenti. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma pa mota ya mafezi atatu kusiyana kwa mavoloti kumabala kusiyana kwa maampeya kochuluka kasanu ndi kamodzi mpaka kakhumi. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 okha, moyo wa vanishi wokuta mawaya umatsika ndi theka.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti sanaimire pamenepo. Amisiri ankati vuto ndi magetsi ochokera kunja. Iye anayezanso nthawi ya nkhomaliro, shopu yowotcherera zitsulo itatseka, napeza kuti mavoloti atatu aja ayandikana. Atalondola mawaya anapeza kuti makina owotcherera, magetsi a m'maofesi ndi zina zing'onozing'ono zonse zinalumikizidwa pa fezi imodzi, pa chingwe chachitali chomwecho chopita ku pampu. Manambala onsewa anawaika mu tebulo, ndi tsiku, ola ndi dzina la chipangizo chimene anayezera. Munthu wina atati apite mawa ndi mita yake, akhoza kubwereza n'kuona ngati ananena zoona. Lipoti la injiniya liyenera kutero.

Manambala otere sakumbukika mukabwerera ku sukulu. Amachokera mu logibuku yolembedwa tsiku lomwelo, yosainidwa ndi supavaiza sabata ndi sabata. Logibuku yodzazidwa usiku umodzi imadziwika msanga: cholembera chimodzi, kalembedwe kamodzi, ndipo masiku onse amangoti "kukonza ndi kuyendera makina."

Pa gawo la luso limene mwapeza, musatiuze kuti mwaphunzira kugwira ntchito ndi anzanu komanso kusunga nthawi. Zimenezo angalembe aliyense. Gawani luso lanu moona mtima: ichi ndingachite ndekha, ichi ndingachite wina akundiyang'anira, ichi ndinangoonerera. Mtsikana uja analemba kuti angathe yekha kuzimitsa magetsi, kutseka switchi ndi loko, kupachika chikwangwani ndi kutsimikiza ndi mita kuti mulibe moto asanagwire waya. Analembanso kuti kukulunga mota anangoonerera. Bwana akawerenga zotere amadziwa ntchito yoti amupatse. Koma wolemba kuti amadziwa zonse, tsiku lina adzatumidwa yekha pa bolodi ya mavoloti 400, ndipo magetsi safunsa kuti munakhoza bwanji mayeso.

Tsopano malangizo opita ku kampani. Gawo ili ndi limene ophunzira amaliopa, ndipo ndikumvetsa, pakuti mwambo wathu sulola mwana kulangiza akulu mwachisawawa. N'chifukwa chake ambiri amangolemba kuti kampani igule makina atsopano ndipo iwonjezere alawansi ya ophunzira. Za alawansi n'zomveka, thiransipoti yakwera, koma muzinene mwachidule. Malangizo amene amamveka ndi ochokera pa zimene munayeza. Mtsikana uja anapempha zinthu zitatu: katundu wa fezi imodzi uja agawidwe pa mafezi onse, ovalodi ibwezeredwe pa 28 monga kachitsulo kanenera, ndipo maampeya aziyezedwa mwezi uliwonse n'kulembedwa m'buku. Anafunsa ku sitolo ya kampani mtengo wa chingwe ndi mabuleka ofunika, nauika pambali pa mtengo wokulungitsa mota kamodzi. Sanatchule dzina la amene ankakweza ovalodi. Analemba za makina, ndipo amisiri aja, mmalo mokwiya, ndi amene anamuthandiza kusamutsa mawaya.

Pali chinanso choti musamale. Zithunzi, mapulani a makina ndi manambala a katundu amene kampani imapanga si zanu. Musanaziike mu lipoti, pemphani chilolezo, ndipo supavaiza awerenge lipotilo lisanafike kwa aphunzitsi.

Kwa inu a makampani, tikuthokoza kuti munatsekula zipata zanu. Ndikudziwa kuti kusunga wophunzira kumadya nthawi ya mmisiri amene ali ndi ntchito yake kale. Koma mwana amene wakhala miyezi yonse akujambula mapepala mu ofesi alibe choti alembe. Mpatseni chisoti, nsapato zotetezera, munthu womuyang'anira ndi vuto limodzi lenileni loti alilondole mpaka kumapeto.

Malipoti awa akafika pa tebulo lanu, musawatsekere mu kabati. Tsekulani tsamba la malangizo, muitane wophunzirayo pamodzi ndi kapitawo wa gawo limene anagwirako, mukambirane ngakhale kwa theka la ola. Mumuuze langizo limene mwalitenga ndi limene mwalikana, ndi chifukwa chake. Aphunzitsi, inunso pochonga funsani kuti manambalawo anachokera kuti. Ndipo inu ophunzira amene lipoti lanu likadali ndi mawu akuti "ndinathandiza", bwererani ku logibuku yanu mukalembe chimene munachita musanalipereke.