Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Ndondomeko Yowerenga Chingerezi Ana Akaweruka

Ndipereke ulemu kwa a Gulupu ndi mafumu onse amene mwabwera nawo, a khansala a dera lino, mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu, aphunzitsi aakulu ndi achiwiri awo, aphunzitsi nonse, komiti ya sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, amayi a gulu losamalira atsikana, abusa ndi mashehe, amayi amene mumatiphikira phala, makolo anzanga, ndi inu ana amene mwakhala chete padzuwapo. Ngati pali wina ndamudumpha, andikhululukire.

Sabata yatha ana anabwera kunyumba ndi kalata yochokera kwa aphunzitsi awo a Chingerezi. Ena munaiwerenga. Kwa ena idakali m'thumba la kabudula, mwinanso yachapidwa kale! Ndiye ndibwereze zimene ikunena. Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, ana a Sitandade 3 ndi 4 azitsalira ola limodzi akaweruka. Aphunzitsi aziyamba kuwawerengera nthano mokweza, kenako ana aziwerengerana awiriawiri, ndipo pochoka aliyense azitenga kabuku kokawerenga kunyumba. Magulu agawidwa potengera pamene mwana wafika pakuwerenga, osati msinkhu. Palibe kulipira.

Boma lachitapo mbali yake. Maphunziro a pulayimale akhala aulere kuyambira 1994, ndipo mu 2016 kunabwera ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'makalasi ang'onoang'ono. Koma mwana akangolowa Sitandade 5, masamu ndi sayansi amazipeza m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa. Mwana yemweyo amene mumamutuma kumsika ndi K1,000, nagula tomato wa K350, nabweza K650 osalakwitsa, amalephera funso lomwelo papepala. Masamuwo akuwadziwa, chamusokoneza ndi chiganizo cha funsolo.

Tsono kalatayo ili ndi pempho limodzi kwa inu, ndipo ndi limene landibweretsa pano. Aphunzitsi akuti madzulo mukhale ndi mwana kwa mphindi khumi, akuwerengereni. Ndikumva kumbuyoko wina akuti, "Nanga ine Chingerezi ndinachionera kuti?" Agogo, mvetserani, ntchito imeneyi ikufuna inuyo.

Pali vuto limene limabisala. Mwana amatha kutchula mawu onse apatsamba, liwu lili psee, makolo n'kumasekerera kuti mwana wathu ndi mzungu, pamene iye sanamve kanthu. Enanso amangoloweza zimene anamva m'kalasi. Kuti mudziwe, chitani chonchi. Tinene kuti kabukuko kakukamba za mbuzi imene inalowa m'dimba. Akamaliza tsamba, muuzeni atseke buku, ndipo mumufunse m'Chichewa: nkhaniyi ikunena za yani? Mbuziyo inachita chiyani? Mwini dimba atapeza ndiwo zake zadyedwa anatani? Mwana amene wamva amafotokoza ndi mawu akeake, mwina n'kuseka pamene pali poseketsa. Amene sanamve amangobwereza Chingerezi chija, kapena amafuna kusuzumira chithunzi. Mukakayika, phimbani chithunzicho ndi dzanja, awerengenso. Pa zonsezi simunayankhule Chingerezi ngakhale liwu limodzi, koma mwadziwa pamene mwana wanu ali.

Akamawerenga, azipinda chala pa liwu lililonse limene lamukanika. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo lamukulira. Musamukalipire, musamutchule mbuli. Muuzeni akawauze aphunzitsi amusinthire lina losavuta, chifukwa mwana amene akupunthwa pamzere uliwonse amayamba kudana ndi buku.

Ndidandauleko pang'ono, a Gulupu mundilole. Mwana wotsalira ola limodzi amamva njala, choncho mumupatseko mbatata kapena chimanga chokazinga m'chikwama. Ndiponso ndikudziwa amene ayambe kujomba: atsikana, chifukwa amayi akudikira madzi ndi nkhuni. Mchimwene wawo ali pabwalo la mpira, manja ali nawo! Masiku awiri okha pa sabata, chidebe anyamule ndi iyeyo. Inu abambo, mapepala a timabukuti si opichirira fodya, ndipo amayi, si okulungira mandasi. Kabuku kamodzi kadutsa m'manja mwa ana ambiri, ndiye kaziyenda m'jumbo, makamaka mvula ikayamba.

Aphunzitsi amene mwadzipereka kutsalira pamene anzanu apita kukapuma, ife makolo tikuthokoza, ndipo komiti ionetsetse kuti anawa akuweruka nthawi yabwino, afike kunyumba kusanade. Tsopano ndikulengeza kuti ndondomekoyi yatsegulidwa, ndipo gulu loyamba likumana Lachiwiri likubwerali.