Zimene mzikiti wa pa chithunzi ungatiuze: mawu a pa msonkhano wa kalabu

Wina amatha kuponya chithunzi pagulu n'kunena kuti ndi ku Senga Bay, ife n'kuyamba kugawana, pamene chinajambulidwa kwina. Ngati pali mzikiti kapena tchalitchi pachithunzipo, musafulumire, nyumbayo ikhoza kutithandiza.

Tiyambe ndi mzikiti, poti kuno ku Salima ilipo yambiri. Abale athu Achisilamu akamaswali amayang'ana ku Maka. Kuchokera kuno, Maka ali kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Khoma la mbali imeneyo limakhala ndi kamalo kolowa mkati pomwe amaima imamu, ndipo m'mizikiti yambiri kamaloko kamaoneka kunja ngati kachipinda kotulukira pakati pa khoma. Mukakaona kuno kwathu, dziwani kuti kumeneko ndi kumpoto. Ku Nigeria kamaloza kum'mawa, ku Indonesia kumadzulo.

Tsono tiyese. Pachithunzi pali mzikiti, nyanja ili kuseri kwake, kachipinda kaja kali kumanzere kwanu. Kumpoto kukakhala kumanzere, ndiye kuti wojambulayo anayang'ana kum'mawa. Madzi ali kum'mawa, choncho tili tsidya lino, monga Salima kapena Nkhotakota. Koma kakakhala kumanja, wojambula anayang'ana kumadzulo, ndiye ganizani za tsidya linalo, ku Makanjira kapena ku Metangula, m'dziko la Mozambique. Chenjerani ndi zinthu ziwiri: gombe limakhota m'malo ena, komanso kamera yakutsogolo ya foni imatha kutembenuza chithunzi. Onani ngati zolemba pachikwangwani zikuwerengeka bwino.

Nsanja nayo imathandiza. Yoonda, yosongoka ngati pensulo ndi kamangidwe ka ku Turkey, pamene ya ngodya zinayi ndi ya ku Morocco. Koma musaidalire kwambiri, chifukwa mabungwe akunja amene amamanga mizikiti amabwera ndi mapulani akwawo.

Matchalitchi akale a mishoni m'Malawi muno ambiri ndi a njerwa zowotcha zosapaka, monga St Michael and All Angels ku Blantyre, yomwe inamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mukaona tchalitchi yaikulu kwambiri pakati pa milambe, nyanja ili pafupi, ganizani za St Peter's ya a Anglican pa chilumba cha Likoma, yomwe anayamba kumanga mu 1903. Kachisi wa Ahindu akaoneka, ndiye kuti ndi m'tauni yaikulu ngati Blantyre, osati m'mudzi wa asodzi.

Nyumba imodzi payokha imangotilozera dera, siitchula mudzi. Onaninso mitengo, mabwato ndi zikwangwani musanagawe chithunzicho. Sabata yamawa aliyense abwere ndi chithunzi cha mzikiti kapena tchalitchi yakwawo, koma muyambe mwapempha kwa a shehe kapena abusa musanajambule.