Ndalama zolowa kale ndi munda wa nthochi wogwidwa chisaka

Ndalama zolowa kale ndi ndalama, nthawi ndi mphamvu zimene munthu anathira pa ntchito ina ndipo sangazibwezenso, kaya ntchitoyo aipitirize kaya aisiye. Manyowa amene anakwiriridwa m'phando zaka zitatu zapitazo, malipiro a aganyu amene anakumba maenje, mtengo wa mbewu imene inabzalidwa, zonsezi zinapita. Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka. Vuto limabwera pamene mwini bizinesi akusankha chochita mawa poyang'ana zimene anataya dzulo. Mawu ake amakhala akuti: "Ndalowetsapo zambiri, sindingasiyire panjira." Akatero amawonjezera ndalama zatsopano pa ntchito imene yasiya kubweza, poganiza kuti akupulumutsa zakale, pamene zakalezo palibe chimene chingazipulumutse.

Boma la Thyolo lili ndi chitsanzo chimene anthu ambiri anachiona ndi maso awo. Kwa zaka zambiri madera a Thekerani ndi Masambanjati ankadziwika ndi nthochi, ndipo malole odzaza mikoko ankadutsa pa Bvumbwe kupita ku Limbe ndi ku Blantyre. Matenda a chisaka anayamba kuoneka m'Malawi m'zaka za m'ma 1990 ku Nkhotakota, kenaka anafalikira mpaka kufika ku Thyolo ndi Mulanje, kumene anawononga minda yambiri. Mapeto ake misika ya m'mizinda inayamba kudalira nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Alangizi ankauza alimi kuti azule nthochi zodwala, koma ambiri sanavomere msanga, ndipo minda ina inasungidwa zaka zingapo itasiya kale kupindula.

Chisaka chimayamba ndi kachilombo ka vayirasi kamene kamafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi, tizilombo takuda timene timabisala m'makwawa a masamba ndi patsinde. Chimafalanso munthu akatenga mwana wa nthochi pa tsinde lodwala n'kukabzala kwina. Nthochi yogwidwa imatulutsa masamba ang'onoang'ono, opyapyala, oimirira njo ndi othithikana pamwamba, achikasu m'mphepete. Tsamba likayang'aniridwa padzuwa pamaoneka timizere tobiriwira kwambiri todukaduka motsatira mitsempha yake. Nthochi yogwidwa ili yaing'ono kawirikawiri sibereka, ndipo yogwidwa itakula imatulutsa mkoko wonyozoloka. Chachikulu pa nkhani ya ndalama n'chakuti chisaka chilibe mankhwala. Feteleza, manyowa ndi madzi sizichiritsa tsinde lodwala, ndipo ana onse ophukira pa tsindelo amatuluka ali odwala kale. Kwacha iliyonse yothiridwa pa tsinde lotere ikungodyetsa gwero la matenda limene nsabwe zikutengapo kachilombo kupita nako ku nthochi zamoyo.

Kawerengedwe kake kamamveka bwino ndi manambala ongoyerekeza, amene mlimi aliyense angawasinthe n'kuikapo a m'munda mwake. Mlimi wina ali ndi mapando 200 a nthochi. Pa zaka zitatu walowetsamo K600,000 pa mbewu, manyowa ndi ganyu. Lero mapando 120 akuonetsa chisaka, ndipo mwa 80 otsalawo ena agwidwa kale ngakhale sakuonetsa, chifukwa zizindikiro zimatenga masabata angapo kuti zituluke. Mlimiyu ali ndi njira ziwiri.

Akasunga mundawo chaka china, adzafuna K250,000 ya manyowa, kupalira ndi mayendedwe opita kumsika. Akhoza kudula mikoko 50 yogulitsika pa K4,000 umodzi, kupeza K200,000. Chaka chimenecho chidzamudya K50,000, ndipo chaka chotsatira mikoko idzachepanso chifukwa matenda sakuima. Akazula, adzalipira aganyu K100,000, n'kubzalapo kabichi kapena nyemba zofuna K200,000, zimene angagulitse K450,000 pa msika wa Bvumbwe. M'thumba mudzatsala K150,000. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi K200,000.

Mu masamu onsewa K600,000 ija sinalowemo, ndipo siyenera kulowamo. Wina akaumirira kuti iwerengedwe, iikidwe mbali zonse ziwiri, popeza inapita kale mlimi asanasankhe. Wosunga munda adzakhala atataya K650,000, wozula adzakhala atataya K450,000, ndipo kusiyana kudzakhala K200,000 komweko. Ndalama yakale sisintha yankho. Chimene imasintha ndi mtima wa mwini munda. Tsiku lozula ndi tsiku limene kutayika kumaonekera poyera, anthu odutsa m'njira akuona zitsa zili mbwee, pamene wosunga munda amataya pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, popanda tsiku limodzi limene angaloze kuti apa ndaluza. N'chifukwa chake njira yodula kwambiri imaoneka ngati yopepuka.

Si zonse zimene zinagulidwa kale zili m'gulu la ndalama zolowa kale, ndipo apa pafunika kusiyanitsa mosamala. Pampu yopondaponda, mapaipi, wilibala ndi chitsime zikhoza kugwira ntchito pa mbewu ina kapena kugulitsidwa, choncho mtengo wake wa lero uyenera kuwerengedwa, osati mtengo umene zinagulidwira. Chonde chimene manyowa anasiya m'nthaka chidzathandiza kabichi monga chikanathandizira nthochi. Malo enieniwo ndiwo chuma chachikulu kuposa zonse, makamaka ku Thyolo kumene minda ya anthu inapanikizika pakati pa maesiteti a tiyi. Banja limene lili ndi theka la ekala silingakwanitse kuisiya itagwidwa ndi mbewu yosabereka, chifukwa nyengo iliyonse imene ikudutsa ndi chimanga kapena ndiwo zamasamba zimene sizinalimidwe.

Ngongole imasokoneza anthu ambiri. Mlimi amene anakongola ku banki m'khonde kuti abzale nthochi amaganiza kuti ayenera kusunga nthochizo mpaka zibweze ngongoleyo. Koma ngongole ibwezedwa basi, munda uzulidwe kapena usazulidwe, ndipo gulu silifunsa kuti ndalamayo yachokera ku nthochi kapena ku nyemba. Funso loyenera ndi lakuti ndi mbewu iti imene ibweretse ndalama yobwezera msanga chiwongoladzanja chisanachuluke.

Pali ngozi inanso mbali yachiwiri, yosiya ntchito yabwino chifukwa chosapirira. Tiyi ndi makademiya zimatenga zaka zingapo zisanayambe kubweza ndalama, ndipo nthochi yeniyeniyo imatha chaka kapena kupitirira isanatulutse mkoko woyamba. Mbewu yotere sikulephera, ikungokula. Chimodzimodzi mlimi amene wapeza mapando asanu okha odwala mwa 200 sayenera kugwetsa munda wonse. Azule asanuwo tsiku lomwelo, aziyendera munda sabata iliyonse, apitirize. Chosiyanitsa si kuchuluka kwa zimene zinalowa, koma ngati pali chifukwa chogwirika choyembekezera kuti chaka chamawa chidzaposa chino. Mtengo wa makademiya wa zaka zitatu uli nacho chifukwa chimenecho, popeza msinkhu wobereka uli kutsogolo. Tsinde la chisaka lilibe.

Ntchito imene yasungidwa mopitirira nthawi imadziwika ndi zinthu zoonekeratu. Ndalama yoyendetsera imayamba kuchokera kwina, ku malipiro othyola tiyi, ku mkaka kapena ku mbuzi yogulitsidwa, m'malo mochokera m'ntchito yomweyo. Mwini wake akafunsidwa chifukwa chopitirizira amafotokoza zakale zokhazokha, zimene anavutikira ndi zimene analowetsa, osatchula zimene akuyembekeza kupeza. Tsiku limene zinthu zidzakhale bwino limangosunthira kutsogolo: mvula ikabwera, feteleza akatsika, chaka chamawa. Muyeso wosavuta ndi kufunsa kuti, munthu amene sanalowetsemo kalikonse atapatsidwa munda umenewu lero ulele, angathiremo ndalama yake? Ngati angayambe ndi kuzula, mwini wakenso ayenera kuzula.

M'makalabu ndi m'magulu vutoli limakula chifukwa cha manyazi. Wapampando amene anabweretsa ganizo la munda wa gulu kapena chigayo cha gulu savomera msanga kuti zakanika, ndipo mamembala amaopa kuoneka ngati akumunyoza. Zoterezi zimachitikira ngakhale maboma akuluakulu. Mu 1962 Britain ndi France anagwirizana kupanga ndege yothamanga kuposa liwiro la phokoso yotchedwa Concorde. Mtengo wake unakwera kuposa umene anayerekeza, makampani a ndege a maiko ena anasiya kuifuna, koma maboma awiriwo anapitiriza, mwa zina chifukwa cha zimene anali atawononga kale ndi ulemu wa maiko awo. Zinapangidwa ndege 20 zokha, zinayamba kunyamula anthu mu 1976 ndipo zinaimitsidwa mu 2003. Gulu la m'mudzi lingapewe zotere polemba malire ntchito isanayambe, monga kuti zopereka zowonjezera zikafika pa ndalama yakuti, kapena miyezi yakuti ikatha popanda phindu, gulu lidzakhala pansi kukambirana zosiya. Ndi bwinonso kuti kuwerengera kuchitidwe ndi anthu amene sanayambitse ntchitoyo, ndipo m'buku la msungichuma zolowa kale zilembedwe tsamba lake, zoyembekezeka kulowa ndi kutuluka zilembedwe tsamba lina.

Alimi a nthochi amene anakana kuzula si onse amene ankangolira zakale, ndipo si chilungamo kuwaweruza choncho. Ena analibe kopeza mbewu yopanda matenda. Ena ankadalira mikoko yochepa yomweyo kugulira sopo ndi mchere, ndipo sakanatha kudikira chaka chathunthu opanda kanthu. Ena ankaona kuti akazula okha, nsabwe zochokera m'munda wa mnansi zidzagwiranso mbewu yatsopano. Izi ndi zifukwa zoyang'ana kutsogolo, ndipo ziyenera kulowa mu masamu. Mayankho ake alipo. Mbewu zocha msanga monga nyemba, mpiru ndi kabichi zimatseka mpata wa ndalama pamene munda ukupuma. Mbewu ya nthochi isatengedwe kwa mnansi ngakhale ikuoneka yathanzi, koma ifunsidwe kudzera kwa mlangizi, amene amadziwa kumene kuli mbewu yoyezedwa, ndipo siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Bvumbwe, imene imagwira ntchito pa zipatso ndi ndiwo zamasamba, ili pafupi.

Kuzula kwenikweniko kuli ndi dongosolo lake. Choyamba nsabwe ziphedwe pa tsinde lodwala ndi madzi a sopo kapena mankhwala amene mlangizi wavomereza, kuti zisabalalikire ku nthochi zina pogwetsa. Kenaka tsinde lonse likumbidwe ndi chitsa chake ndi ana ake onse, lidulidwe tizidutswa kuti liume kapena likwiriridwe mozama. Kudula thunthu lokha n'kusiya chitsa ndi kutaya ndalama ya ganyu, chifukwa chimaphukanso ndi matenda omwewo. Malowo akhale opanda nthochi kwa miyezi ingapo, ndipo chilichonse chophukira chizulidwe. Popeza nsabwe sizidziwa malire a munda, ntchitoyi imapindula ikachitika m'dera lonse nthawi imodzi, amfumu ndi komiti ya zaulimi atagwirizana tsiku ndi eni minda, kuphatikizapo nthochi za kuseri kwa nyumba ndi za m'mphepete mwa mitsinje zimene zilibe mwini wodziwika.